Momwe ndidadutsira funso la bayinomiyo pa mayeso obwereza

Zotsatira zatuluka dzana ndipo masamu aja ndakhoza. Mtima wakhala pansi, komabe ndikakumbukira Loweruka limene ndidataya pofuna sikweya ruti ya 5, mkwiyo umabweranso, chifukwa chimene chidandisokoneza si masamu ayi koma fotokope.

Ofuna kubwereza mayeso amalipira kaye ku ofesi, ndipo zimenezo mukuzidziwa. Nditalipira ndidapita kukagula manotsi kwa bambo wina amene amachita fotokope pafupi ndi geti. Tsamba la mndandanda wa bayinomiyo lidatuluka bwinobwino, fomyula ikuoneka pakati:

`(1 + x)^a = 1 + ax + a(a−1)x²/2! + a(a−1)(a−2)x³/3! + ...`

Koma pepala lidaikidwa mopendekera pa makina, ndiye mzere wotsiriza udadukira panja. Mzere umenewo unali waufupi kwambiri, unkangonena kuti `|x| < 1`. Ndalama ndidapereka yonse, ndipo palibe amene adandiuza kuti pansi pa tsambalo pakusowa kanthu.

Bayinomiyo ya ku sekondale tonse tikuidziwa. Pawa ikakhala nambala yathunthu ngati 3, zigawo zimatha zokha, chifukwa pochulukitsa `a(a−1)(a−2)(a−3)` umafika pa ziro ndipo zonse zam'tsogolo zimafa. Ukatero x ikhale 4 kapena 400, yankho ndi loona. Pawa ikakhala theka, ziro ameneyo sabwera. Umachoka pa `1/2` kupita pa `−1/2`, kenako `−3/2`, `−5/2`, kumulumpha ziro uja, ndipo mndandanda sutha. Ukawerengera bwino umapeza izi:

`√(1 + x) = 1 + x/2 − x²/8 + x³/16 − 5x⁴/128 + 7x⁵/256 − ...`

Funso la m'mapepala akale linkati tipeze `√5` popanda kakyuleta. Ine ndidati 5 ndi 1 kuphatikiza 4, ndiye x ndi 4, basi ndidayamba kulowetsa. Zigawo zidatuluka motere: 1, kenako 2, kenako −2, 4, −10, 28, −84. Pophatikiza chimodzichimodzi ndidapeza 1, 3, 1, 5, −5, 23, −61. Aliyense akudziwa kuti yankho lili pakati pa 2 ndi 3, ndiye −61 akuchokera kuti? Ndidaganiza kuti ndasokoneza mainasi penapake. Ndidafufuta, ndikuyambiranso. Ndidafufutanso mpaka pepala lidabooka. Manambala ankabwera omwewo nthawi zonse, chifukwa kuwerengera kwanga kunali kolondola, cholakwika chinali x amene ndidasankha. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndinali pa funso limodzi, nsima ya masana osaiona. Lolemba ndidakwera minibasi kupita kwa aphunzitsi, ndidapeza chitseko chokhoma, ndidadikira pa benchi mpaka cha m'ma 3 koloko ndikubwerera wopanda thandizo. Masiku awiri ndi ndalama yoyendera, zonsezo chifukwa cha kamzere kamodzi.

Adanditsegula maso ndi mnzanga wina wa chaka chachitatu amene ndidakumana naye ku laibulale. Adangoyang'ana tsamba langa n'kunena kuti, "Achimwene, zigawo zanuzi zikukula. Zikamakula musamapitirize, x wanu ndi wamkulu." Ndiye chinthu choyamba chimene ndikuuzeni ndi chimenechi: musanalowetse nambala iliyonse, tulutsani kaye sikweya yaikulu panja, kuti chotsala m'kati chikhale 1 ndi kakang'ono.

Chifukwa chake chimaonekera ukagawa chigawo chilichonse ndi chinzake cham'mbuyo, zimene timati reshiyo tesiti. Kuchoka pa chigawo cha `xⁿ` kupita pa chotsatira, timachulukitsa ndi `(a − n)x/(n + 1)`. Tsopano n akamakula, tinene wafika pa 1000, theka lija silikhalanso ndi mphamvu, ndipo kukula kwa `(a − n)/(n + 1)` kumayandikira 1. Chotsala ndi kukula kwa x yekha. Ngati x ndi wochepera 1, chigawo chilichonse chimachepa poyerekeza ndi cham'mbuyo ndipo chiphatikizo chimakhazikika pa nambala imodzi. Ngati ndi woposa 1, zigawo zimafika pomakula osaleka. Ndi x wanga wa 4 uja, chigawo chilichonse chinkapita chikuyandikira kuwirikiza kanayi chinzake, n'chifukwa chake 10 adasanduka 28, 28 n'kusanduka 84. Malire amenewa ndi amene amatchedwa rediyasi ya konivejensi, ndipo pano ndi 1, kaya pawa ndi theka, kaya ndi `1/3`, kaya ndi `−1/2`.

Chimene chidandivuta kuvomereza n'chakuti `√(1 + x)` alibe vuto lililonse pa x = 4, yankho lilipo ndithu. Nanga mndandanda ukukaniranji? Vuto lili mbali inayo, pa x = −1. Pamenepo m'kati mwa ruti mumakhala ziro, ndipo derivativu yake, `1/(2√(1 + x))`, imakwera popanda malire. Mndandanda woyambira pa ziro umafika mtunda wofanana kumanja ndi kumanzere. Ukatsekeredwa pa mtunda wa 1 kumanzere, kumanjanso sudutsa 1, ngakhale kumanjako njira ili yoyera. Mbuzi yomangidwa pa chikhomo imadya mozungulira kufika pamene chingwe chathera, ndipo pano kutalika kwa chingwe kwaikidwa ndi malo ovuta aja a −1.

Tibwerere ku `√5`. Sikweya yapafupi ndi 4, ndiye timalemba 5 ngati `4(1 + 1/4)`, ndipo `√5 = 2√(1 + 1/4)`. Chenjerani apa, chotuluka panja ndi 2, osati 4. Pa mayeso oyamba aja ndi pamene anzanga ambiri adatayira malikisi. Tsopano x ndi 0.25 ndipo zigawo zake ndi 1, kenako 0.125, kenako −0.0078125, kenako 0.0009766, kenako −0.0001526. Onani mmene zikutsikira. Zoyamba zinayi zikaphatikizidwa zimapereka 1.1181641, kuchulukitsa ndi 2 timapeza 2.236328. Tikawonjezera chachisanu timapeza 2.236023. Yankho lenileni ndi 2.236068, lili pakati pa awiriwa.

Kukhala pakatiko sikudangochitika mwamwayi. x akakhala pozitivu, kuyambira chigawo chachiwiri zizindikiro zimasinthana, pulasi, mainasi, pulasi, ndipo zigawo zikuchepa. Ndiye cholakwika chako sichingapose chigawo choyamba chimene wasiya. Ndikaima pa zigawo zinayi, chimene ndasiya ndi 0.0001526. Koma musaiwale 2 uja ali panja, nayenso amachulukitsa cholakwikacho, chimakhala 0.000305. Funso likati yankho likhale lolondola kufika manambala atatu a desimo, umafuna cholakwika chochepera 0.0005, ndiye zigawo zinayi zakwana ndipo yankho ndi 2.236. Olemba mayeso amafuna kuona mzere umenewu wa cholakwika, osati yankho lokha.

Ndikumbukirenso, tsiku lomwe lija la Loweruka ndidayesanso `√2` ndi x = 1, kufuna kuona ngati fomyula ili yabodza. Pamenepo zidandisokoneza kwambiri chifukwa sizidaphulike. Ndidapeza 1.5, kenako 1.375, 1.4375, 1.3984, 1.4258, 1.4053, kumangozungulira 1.4142 osafikapo. Pa malire penipeni reshiyo tesiti imapereka 1 ndipo siinena kanthu, pamafunika njira ina. Pawa ikakhala yoposa ziro, ngati theka, mndandanda umakhazikika ndithu pa x = 1 ndi pa x = −1 pomwe, koma umayenda ngati nkhono. Zigawo zisanu ndi ziwiri, nambala yachiwiri ya desimo isadakhazikike. Mu chipinda cha mayeso nthawi imeneyo mulibe. Ndibwerezenso: tulutsani sikweya panja, x achepe.

Ndipo sikweyayo sikuti ikhale ya nambala yathunthu yokha. Mnzanga uja adandionetsa kuti `(9/4)²` ndi `81/16`, kutanthauza 5.0625, pafupi kwambiri ndi 5. Ndiye `√5 = (9/4)√(1 − 1/81)`. Apa x ndi `−1/81`, wamng'ono zedi. Zigawo zitatu zokha, 1 kuchotsa 0.00617284 kuchotsa 0.00001905, zimapereka 0.99380811, kuchulukitsa ndi 2.25 timapeza 2.2360682. Manambala asanu ndi limodzi a desimo ali olondola ndi zigawo zitatu. Koma pali msampha. x akakhala negetivu, zigawo zonse pambuyo pa 1 zimakhala za mainasi, sizisinthananso, ndiye lamulo lija loti cholakwika sichiposa chigawo chimene wasiya siligwira. Zotsala zonse zikukokera mbali imodzi, cholakwika chimaposa pang'ono chigawo chimenecho. Chimene unganene motsimikiza n'chakuti chigawo chilichonse n'chochepera `1/81` ya chinzake cham'mbuyo, ndiye zonse pamodzi siziposa chigawo chosiyidwacho kuchulukitsa ndi `81/80`.

Pambuyo pake ndidabwereka buku lenileni ku laibulale, ndipo `|x| < 1` analipo pansi pa fomyula, pooneka. M'menemo ndidawerenganso kuti Isaac Newton adapeza mndandanda umenewu cha m'ma 1665, koma umboni wokwanira wa pamene umakhazikika adaupereka ndi Niels Henrik Abel mu 1826. Kamzere kamene makina adandidulira kadatenga zaka zoposa 150 kuti katsimikizike. Mukagula manotsi a fotokope, afananizeni ndi buku musanachoke pamalopo, makamaka pansi pa tsamba.

Tsiku la mayeso funso lidabwera la kyubu ruti ya 30. Dzanja lidafuna kulemba 1 kuphatikiza 29, ndidaliletsa. Kyubu yapafupi ndi 27, ndiye 30 ndi `27(1 + 1/9)`, panja pamatuluka 3, ndipo pawa ndi `1/3`. Mndandanda wake ndi `1 + x/3 − x²/9 + 5x³/81 − ...`. Ndisanawerengere kalikonse ndidalemba mzere wonena kuti `1/9` ndi wochepera 1, choncho mndandanda ukhazikika. Zigawo zidatuluka 1, 0.0370370, −0.0013717 ndi 0.0000847. Funso linkafuna manambala atatu a desimo, ndiye ndidatenga zitatu zoyamba, 1.0356653, kuchulukitsa ndi 3 n'kupeza 3.106996. Chachinayi ndidachichulukitsanso ndi 3, chidapereka 0.000254, chochepera 0.0005. Ndidalemba 3.107, ndikutembenuza tsamba kupita ku funso lotsatira nthawi ikadalipo yambiri.