Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Filimu imene ndinalakwira nayo achemwali

Zikomo nonse amene munalemba mawu otonthoza pansi pa gawo lapita lija, lonena za ngozi ya galimoto imene inatenga alamu anga n'kusiya achemwali ali ndi ndodo. Ambiri mwafunsa kuti zinatha bwanji atabwera kudzakhala kwathu. Lero ndikamba za madzulo athu, ndi tsiku limene ndinawalakwira.

Mukukumbukira kuti achemwali ndi amene anandilera, ndipo ndi iwo anandizoloweza nkhani zoopsa. Amakonda filimu yoika mtima m'mwamba: nyumba ili zii, chitseko chimene unatseka wachipeza chotsegula, sukudziwa ngati muli munthu. Ngozi ija sinawachotsere chikondi chimenechi, koma inawasiyira zinthu ziwiri zimene thupi lawo limakana. Akaona magazi kapena bala amachita nseru. Akamva phokoso ladzidzidzi amanjenjemera mpaka ola lathunthu.

Miyezi isanu ndi itatu inadutsa asakufuna kuona TV. Ndiye tsiku lina anangoti, "Iwe, tandipezere filimu yoopsa, koma yopanda magazi ndi zondidzidzimutsa." Ndinasangalala kwambiri moti sindinafufuze. Ndinatenga The Orphanage, ya ku Spain ya 2007, yokamba za mayi amene mwana wake wasowa, chifukwa ndinamva kuti ndi ya mizukwa, yoyenda mofatsa.

Poyamba zinali bwino. Anakhala tsonga, bulangete lili m'miyendo, akundinong'oneza zimene akuganiza kuti zichitika. Kenaka inafika mphindi ija. Mayi wina wokalamba ali pamsewu, ambulansi n'kumuomba mosayembekezereka, ndipo kamera imaonetsa nkhope yake chibwano chitaphwasuka. Achemwali sanakuwe. Kapu inawapulumuka, anagwira mwendo wovulala uja ndi manja onse awiri, akupuma ngati munthu amene wavuulidwa m'madzi. Ine limoti ili m'manja koma batani lozimitsira silikuoneka. Nditazimitsa tinakhala mumdima nthawi yaitali, ndikungomva mano awo akugundana. Mawu amene ananena potsiriza ndi akuti, "Phokoso lake linali lomweli." Usiku umenewo ndinagona pansi pafupi ndi bedi lawo, ndipo sanatseke maso mpaka kunja kunacha.

Pali wachibale wina, akudzidziwa, amene anauza anthu kuti ndimazunza wodwala ndi mafilimu a ziwanda. Ndikuyankha pano kamodzi kokha. Kulakwa kwanga kunali kusafufuza. Kuwaonetsa filimu sikunali kulakwa, chifukwa anapempha okha, ndipo chinali chinthu choyamba chimene anachilakalaka chiikireni maliro. Inu amene munkati azingoonera zoseketsa simunakhale nawo ngakhale usiku umodzi.

Patatha milungu itatu anapemphanso, ndipo apa ndinayamba kuphunzira. Ndinkaganiza kuti chitetezo chili pa chizindikiro cha zaka, kuti filimu ya PG-13 ndi yofewa kuposa ya R. Mwamwayi ndinayamba ndayesa ndekha The Ring ya 2002, yomwe ndi PG-13. Magazi ndi ochepa ndithu, koma chakumayambiriro, anthu akucheza modekha pamaliro, chithunzi chimangodumphira pa mtembo wa mtsikana uli m'kabati, nkhope yopindika, ndi phokoso lobaya m'makutu. Ndinazindikira kuti chizindikirocho chimathandiza pa nkhani ya magazi, koma sichiwerenga kuti udzidzimuka kangati. Magazi ndi kudzidzimutsa n'zosiyana, chilichonse chimafuna kufufuzidwa pachokha.

Za magazi ndimaona pa IMDb, tsamba la pa intaneti la mafilimu, pagawo la Parents Guide. Pamzere wa Violence & Gore ndimafuna None kapena Mild, koma sindikhulupirira mawu amodziwo; ndimawerenga ziganizo zonse zili pansi pake, chifukwa filimu ikhoza kukhala yoyera yonse n'kukhala ndi chithunzi chimodzi chonga cha ambulansi ija. Mzere wa Frightening & Intense Scenes ukakhala wokwera sindithawa, poti mantha ndi amene tikuwafuna. Za kudzidzimutsa ndimaona pa tsamba la Where's the Jump, pamene amalemba mphindi yeniyeni ya kulikonse kodzidzimutsa, n'kusiyanitsa zazikulu ndi zazing'ono. Zazing'ono ziwiri kapena zitatu achemwali amapirira akachenjezedwa. Zikachuluka ndimaisiya.

Chachitatu palibe tsamba limene lingakuchitire: kudziwa bala la munthu wako. The Haunting ya 1963 inkaoneka yoyenera kwambiri. Mzukwa suoneka n'komwe, umangomva kugunda m'makoma ndi kuona chitseko chikufufuma ngati chikupuma. Koma nditaionera ndekha mpaka kumapeto ndinapeza kuti imathera pa galimoto kuomba mtengo. Kwa wina ndi filimu yabwino zedi. Kwathu sinalowe. Kuyambira pamenepo sindionetsa filimu imene sindinaimalize ndekha, ndi voliyumu yomwe tidzaonerere.

Imene tinayambira ndi The Others ya 2001. Mayi akukhala ndi ana ake awiri m'chinyumba chachikulu pachilumba cha Jersey nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Anawo amadwala akaombedwa ndi kuwala kwa dzuwa, choncho makatani amakhala otseka, ndipo chitseko sichitsegulidwa china chisanakiyidwe. Mantha ake amachokera pa lamulo limeneli: ukudziwa kuti tsiku lina liphwanyidwa, ukungodikira. Magazi mulibe. Ndinalemba papepala malo atatu: pamene chitseko cha chipinda cha piyano chimamenyetseka pamaso pa mayiyo, pamene akuyandikira mwana wovala zoyera ali chofulatira, ndi pamene ana abisala m'kabati chakumapeto. Ndinawauziratunso kuti muli zithunzi zakale za anthu akufa, ovekedwa bwino ngati agona. Anaganiza pang'ono n'kuti, "Zimenezo ndipirira."

Tinagwirizana kuti malo otere akamayandikira ndiziwagwira dzanja n'kutsitsa voliyumu. Sindinena chimene chikubwera, kuopa kuwaonongera nkhani. Kudzidzimuka kwambiri kumabwera ndi phokoso. Chithunzi chomwecho mawu ali pansi chimangochititsa tsemwe. Tinasiyanso kanyali kakuyaka pakona. Ndipo ndinaphunzira kuona zizindikiro ngakhale popanda pepala: nyimbo zimasiya mwadzidzidzi, kamera imakanirira pankhope ya munthu n'kusiya mpata wopanda kanthu pambali pake, kapena wina akuyang'ana pakalilole, kapena akutseka chitseko chimene chimabisa kumbuyo kwake.

Pachitseko cha piyano paja ndinafinya dzanja lawo. Anakoka mpweya, chitseko chinamenyetseka chapansipansi, mapewa awo ananyamuka pang'ono n'kubwerera. Filimu isanathe anali atatulukira kale chinsinsi chake, ndipo anandiuza monyadira ngati kale lija ndili mwana.

Yachiwiri inali The Innocents ya 1961, yakuda ndi yoyera. Muli mphindi imene mayi wovala zakuda waima patali m'mabango, kutsidya kwa dziwe, masana dzuwa likuwala. Sathamanga, sakuwa, wangoima. Achemwali anati chithunzi chimenecho chinawatsata sabata yonse, ndipo ananena akumwetulira. Mathero ake ndi achisoni ndipo amakhudza mwana, choncho ndinawachenjeza tisanayambe.

Zaka zinayi zapita chichitikireni zimenezi, ndipo kope langa la mphindi latsala pang'ono kudzaza. Ndodo anaisiya chaka chachiwiri. Mwezi watha anandifunsa ngati mayi wa mu The Orphanage uja anamupeza mwana wake, poti tinazimitsa tisanadziwe. Ndinawauza kuti ndikhoza kudumpha malo a ambulansi aja, koma mapeto ake ndi olemera. Anati tidikire kaye mpaka mwezi wa ngozi udutse. Za mwezi umenewo, ndi kalata imene apongozi awo anatumiza, ndilemba m'gawo likubwerali.