Imelo yopempha kasitomala kuti asankhe pa zithunzi zitatu

Pa phunziro la kalembedwe ka makalata opita kwa makasitomala, mfundo imene yandikhala m'mutu ndi iyi: kasitomala akayankha kuti "zonse zili bwino," kawirikawiri cholakwika chimakhala mu imelo imene wojambula mapulani a m'nyumba anatumiza.

Titenge khitchini. Wojambula wakonza marenda atatu, zithunzi za pakompyuta zoonetsa mmene chipindacho chidzaonekere ntchito ikatha. Pa A makabati ndi oyera, pa B ndi a thabwa, pa C ndi obiriwira. Zithunzizi zisiyane pa makabati pokha. Kamera ikhale pamalo amodzi, matailosi omwewo, magetsi omwewo. B ikapatsidwa kuwala kwachikasu kwa 3000K pomwe C ili ndi kuwala koyera kwa 4000K, kasitomala amasankha kuwalako, iye n'kumaganiza kuti wasankha kabati. Mudzadziwira pa yankho lake: amati "B ikukoma m'maso," osatchulako thabwa n'komwe.

Mayina a mafayilo akhale omveka, monga Khitchini_A_v1.jpg, ndipo chilembocho chilembedwenso pakona ya chithunzi. Anthu amatumizirana zithunzi pafoni, dzina limatayika panjira, ndiye "chachiwiri chija" cha mayi chimakhala chachitatu kwa bambo.

Imeloyo ingalembedwe chonchi:

"Zikomo Mayi, ndatumiza zithunzi zitatu, A, B ndi C. Zasiyana makabati okha. Chonde mundiyankhe mafunso awa pofika Lachisanu. Ndi chiti chimodzi chimene tipitirize nacho? Pa chimenecho, n'chiyani chisasinthidwe? N'chiyani sichinakusangalatseni, ndipo chifukwa chiyani? Mukakambirana ndi bambo, yankho libwere limodzi. Malinga ndi mgwirizano wathu tikonza kawiri, ndipo aka kakhala koyamba."

Funso la "chifukwa chiyani" ndi limene limapulumutsa ntchito. Kasitomala akangoti "chotsani zobiriwira," wojambula amasintha mtundu wonse. Koma akati "khitchini ikuoneka yamdima," mwina chofunika n'kungoyeretsa makabati a m'mwamba, a m'munsi n'kukhala momwemo. Kasitomala anene chimene chikumuvuta, njira yokonzera aisiyire wojambula.

Ena amayankha kuti "phatikizani A ndi C." Palibe choletsa, koma chimenecho ndi chithunzi chachinayi, ndipo wojambula anene poyera kuti chidya umodzi wa mipata iwiri yokonzera ija. Akapanda kunena, amadzapezeka akukonzabe chithunzi mpaka fayilo ya v6, ndalama ili yomweyo.

Za mitundu, sikirini si yodalirika, poti foni iliyonse imaonetsa mosiyanako. Mu imelo mulembedwe nambala ya penti, monga RAL 6021 ya zobiriwira zotuwirako kapena RAL 9010 ya zoyera, ndipo kasitomala aone kachidutswa kopakidwa pentiyo m'khitchini momwemo, masana ndi madzulo, mmisiri asanadule thabwa.