Kagawidwe ka ku Britain pa invoisi ya ku Lilongwe

Mwana wa achimwene anga wangoyamba ntchito yolemba mabuku a ndalama m'shopu ya zipangizo zomangira pa Kasungu boma. Akuphunzirira buku la ku Britain limene anapatsidwa ndi mnzake. Loweruka anabwera nalo kwathu, limodzi ndi mainvoisi akale a 2024 oti ayeserepo.

Bukulo silikunama. Msonkho wa VAT umene shopu inalipira pooda katundu umachotsedwa pa umene yatolera kwa makasitomala, wotsalawo ndi umene umapita ku MRA. Koma manambala ake ndi a kwawo. Kumeneko msonkhowu ndi 20 peresenti, motero bukulo limati ukafuna kudziwa VAT imene ili mkati mwa mtengo, ungogawa ndi 6.

Anatenga invoisi ya penti wochokera ku Lilongwe, ya K233,000 msonkho uli momwemo, nagawa ndi 6, napeza K38,833.

"Amalume, bwanji sizikugwirizana ndi zimene alemba apazi?"

Ndinamuuza kuti chaka chimenecho VAT kuno inali 16.5 peresenti. Ndiye uchulukitse K233,000 ndi 16.5, kenako ugawe ndi 116.5. Anapeza K33,000, kutanthauza kuti penti payekha anali wa K200,000. Akanatsata bukulo akanadzichotsera K5,833 yosakhala yake. Enanso amalakwitsa potenga 16.5 peresenti ya mtengo wonse, n'kupeza K38,445, kuiwala kuti msonkhowo uli kale mkatimo. Chimene ndinamukhomereza n'chakuti asanawerengere chilichonse aziona peresenti imene yalembedwa pa invoisi ndi tsiku lake, chifukwa boma limatha kusintha mulingowu.

Penti uja anagulitsidwa K291,250, mmene munali VAT ya K41,250. Kuchotsapo K33,000, zopita ku MRA n'kukhala K8,250.

Pamene tinakhalitsa ndi pa kapepala kena, kolemba pamanja, ka mawilibala ogulidwa kwa munthu wowotcherera zitsulo konkuno. Mwana uja anafuna kuwerengeraponso msonkho woti achotse. Ndinamufunsa kuti, TPIN ya wogulitsa, nambala imene a MRA amapereka kwa wolipira msonkho, ili pati? Nanga mzere wosonyeza VAT? Panalibe. Munthu wosalembetsa VAT saloledwa kutolera msonkhowu, ndiye palibe chimene shopu inalipira choti ibwezeredwe. Ndalama yonseyo imangolowa pa mtengo wa katundu. Izi zimandikhudza ndithu, chifukwa olemba mabuku atsopano ambiri amaganiza kuti lisiti ili yonse ndi umboni, mpaka tsiku limene a MRA abwera kudzaunika mabuku n'kuikana, eni shopu n'kulipira msonkhowo ndi chilango pamwamba.

Bukulo limanenanso zopereka ripoti pa miyezi itatu iliyonse. Kuno n'mwezi ndi mwezi, pofika pa 25 mwezi wotsatira. Anafufuta mzere umenewo ndi pensulo, nalemba 25 m'mphepete mwa tsamba, kenako tinayamba kupatula mainvoisi okhala ndi TPIN ndi opanda.