Kuphatikiza kokha sikokwanira usanasaine, zomwe ndaphunzira sabata ino

Sabata ino m'kalasi yathu ya za akaunti aphunzitsi anatipatsa invoisi imodzi yongoyeserera, akuti tiione ngati ndife amene tikuyenera kuisaina kuti ndalama zituluke. Ine ndinatenga kalikyuleta, nkuphatikiza manambala a kumapeto kwa mzere uliwonse, totala inagwirizana, ndinati basi ili bwinobwino. Ndinalakwa, ndipo zinandipweteka ndithu chifukwa ku ntchito ndakhala ndikuchita chimodzimodzi kwa nthawi yaitali. Tsono mnzanga wa mu ofesi amene amasaina mapepala ine ndikachokapo anandipempha kuti ndimulembere zoti azitsata, ndiye ndaganiza zozilemba pogwiritsa ntchito invoisi yomweyi, pakuti ndi pomwe ndinaonera pamene maso amadumpha.

Invoisi ija inali ndi mizere itatu. Mapepala mapaketi 40, limodzi 1,250, kumapeto analemba 50,000. Inki mabotolo 6, limodzi 8,400, kumapeto 54,000. Mafayilo 120, imodzi 315, kumapeto 37,800. Pansi pake 141,800, msonkho wa 10 peresenti womwe aphunzitsi anangoika ngati chitsanzo 14,180, zonse pamodzi 155,980. Mukaphatikiza 50,000 ndi 54,000 ndi 37,800 mupezadi 141,800, apa palibe bodza. Vuto ndi loti ndinakhulupirira manambala atatuwo osafunsa kuti achokera kuti.

Ndiye choyamba chomwe ndamulembera mnzangayo ndi ichi: yamba mopingasa, kenako utsike. Mzere uliwonse uchulukitse wekha kuchuluka kwa katundu ndi mtengo wa chimodzi, ndipo nambala yolembedwayo uiphimbe kaye ndi chala kapena rula, chifukwa ukaiona usanawerengere mutu umangovomera. 6 kuchulukitsa ndi 8,400 ndi 50,400, osati 54,000. Wolembayo anasinthanitsa 0 ndi 4, manambala ake ndi omwewo koma akhala malo olakwika, ndiye diso likamathamanga silingaone kanthu.

Apa ndi pomwe ndinaphunzira kanthu kena kamene kandisangalatsa kwambiri. Kusiyana kwa 54,000 ndi 50,400 ndi 3,600, ndipo 3,600 imagawika ndi 9 popanda chotsala, imapereka 400. Nthawi zonse manambala awiri akasinthanitsidwa malo, kusiyana kwake kumagawika ndi 9, yesani 72 ndi 27, kusiyana 45. Chimodzimodzinso munthu akaiwala ziro kapena kuwonjezera, 5,000 m'malo mwa 500, kusiyana 4,500. Ndiye totala yako ikasiyana ndi ya papepala, usanayambe kubwereza zonse gawa kusiyanako ndi 9, ikagawika kasake nambala yotembenuzidwa. Koma ndinamuuzanso kuti iyi ndi njira yongokulozera kokasaka, si umboni, kusiyana kumatha kugawika ndi 9 mwangozi chabe.

Mizere ikakhala bwino ndiye utsike kuphatikiza, kawiri, kachiwiriko kuyambira pansi kupita m'mwamba kuti usabwereze kulakwitsa komwe unachita poyamba. Yathu ija inakhala 138,200. Ngati pepalalo lili ndi masamba angapo, nambala yomwe yatsekera tsamba loyamba ikhale yomweyo yomwe yatsegulira lachiwiri. Ngati lachokera pa kompyuta ndipo fayilo yake ilipo, dina pa totalayo uone fomula, chifukwa munthu amatha kuwonjezera mzere wa 10 pansi fomula ikadali =SUM(D2:D9), mzere watsopanowo nkutsala kunja, pomwe papepala zikuoneka zaudongo.

Msonkho uwerengerenso wekha kuchokera pa totala yolondolayo. 10 peresenti ya 138,200 ndi 13,820, zonse pamodzi 152,020. Taonani, kulakwitsa kwa 3,600 kuja kwakula kufika 3,960 chifukwa msonkho nawo unakwera pa nambala yolakwika. Ndipo ufunse ngati mitengo ili kale ndi msonkho mkati kapena ayi. Ikakhala nawo kale, pofuna kuuchotsa umagawa ndi 1.1, suchotsa 10 peresenti ayi. 152,020 kugawa ndi 1.1 imabwerera pa 138,200, koma ukachotsa 10 peresenti upeza 136,818, zomwe ndi zolakwika. Ambiri m'kalasi tinagwa pamenepa.

Titafika apa ine ndinkaona ngati tamaliza, koma aphunzitsi anatulutsa mapepala ena awiri, oda yomwe tinaitanitsira katundu ndi pepala lomwe wolandira katundu anasaina tsiku lomwe anafika. Oda inati mafayilo 120, invoisi inati 120, koma pepala lolandirira linati anafika 100 okha. Masamu onse a pa invoisi akhoza kukhala olondola koma ukulipira zinthu zomwe sizinabwere, ndipo kalikyuleta singakuuze zimenezi. Kwa ine iyi ndiye mfundo yaikulu pa zonse, nambala iliyonse ikhale ndi pepala lina lomwe likuichitira umboni, pepala losalembedwa ndi munthu yemwe akufuna ndalamayo. Mtengo uuone pa oda kapena pa kontirakiti, kuchuluka ukuone pa pepala lolandirira katundu. Mafayilo 20 osowawo ndi 6,300, ndiye totala ikutsika kufika 131,900, msonkho 13,190, zoyenera kulipira 145,090. Ndikanasaina 155,980, ndalama zopitirira ndi 10,890, pa invoisi ya mizere itatu yokha.

Zotsalazo sizitenga nthawi. Ndalama zolembedwa m'mawu zifanane ndi za manambala, makamaka pa cheke ndi pa vocha. Uone mtundu wa ndalama, uone madeti ngati akugwa m'nthawi yomwe ntchito inachitikadi, uone nambala ya invoisi m'kaundula wa zolipidwa kale kuti isakhale ikubwera kachiwiri. Dzina la wolipidwa ndi nambala ya akaunti ya ku banki zifanane ndi zomwe zili m'mafayilo athu, zikasintha uimbe foni pa nambala yomwe tinali nayo kale, osati yomwe yalembedwa pa pepala latsopanolo.

Mnzangayo anandifunsa kuti nanga likakhala lipoti la mwezi kapena bajeti, poti si invoisi. Njira ndi yomweyo, kungoti mboni zimasintha. Ndalama zoyambira mwezi uno zifanane ndi zotsekera mwezi watha, uwonjezere zolowa, uchotse zotuluka, zotsalazo uzifananize ndi sitetimenti ya ku banki. Zikasiyana pakhale chifukwa cholembedwa, mwina cheke chomwe tinapereka koma sichinakafike ku banki. Ndipo totala kugwirizana sikutanthauza kuti zonse zili bwino, mzere wina ukhoza kupitirira ndi 500 wina kuperewera ndi 500 nkuphimbirana, nchifukwa chake sindifuna adumphe kuona mzere ndi mzere ngakhale atapanikizika bwanji.

Chomaliza chomwe ndamulembera ndi cha zomwe achite akapeza cholakwika. Asakonze ndi cholembera pa invoisi ya eni ake, asafute, asasaine poganiza kuti tikonza mawa. Alembe pa kapepala kena mzere womwe walakwika, nambala yomwe ilipo ndi yomwe iye wapeza, nkubweza kuti abweretse invoisi yatsopano kapena chikalata chochotsera ndalama zopitirirazo. Nambala iliyonse yomwe waitsimikiza aiike kachizindikiro ka pensulo pa kope lake, kuti wina akamuitana pakati pa ntchito adziwe pomwe analekezera. Lolemba ndikufuna ndimupatse invoisi ya m'kalasi ija osamuuza kanthu, ndione ngati mafayilo 20 aja awapeze.