Sabata yowerengera madzi a m'mapaipi ozungulira ku Nkhotakota

Dandaulo linachokera kumunsi chakunyanja: m'mamawa madzi akutuluka mofooka pamipopi ya mbali imodzi, pomwe mbali inayo akuthamanga bwinobwino, koma thanki ndi imodzi. Mapaipi a dera limeneli ndi ozungulira. Kuchokera pathanki, paipi ina imapita pamphambano A, ina pamphambano B, ndipo yachitatu imalumikiza A ndi B. Pamapaipi otere sungadziwe ndi maso kuti madzi akugawikana bwanji, chifukwa a pa B amafika ndi njira ziwiri.

Lolemba linali lotolera manambala. Mapaipi onse ndi apulasitiki. Ya ku A ndi yotalika mamita 300, ya ku B mamita 600, zonse ziwiri m'kati mwake mamilimita 100. Yapakati ndi mamita 400, m'kati mamilimita 80. Tiyenera kutenga m'kati mwa paipi, osati nambala yolembedwa kunja, chifukwa kukula kwa paipi kumalowa kasanu m'masamu ake. Panthawi imene anthu amatunga kwambiri, A imafuna malita 6 pa sekondi, B malita 10. Madzi a m'thanki ali mamita 40 pamwamba pa A ndi B, zomwe zili pamulingo umodzi.

Chimene timachitcha hedi ndi msinkhu umene madzi angafike titaimika paipi yowongoka pamphambanopo. Madzi akamayenda amakhulana ndi paipi, hedi imatsika, ndipo kutsikako ndi `h = K × Q²`, pomwe Q ndi madzi oyenda m'paipimo ndipo K ndi nambala ya kukhulana ya paipiyo. Pa mapaipi athuwa, Q ikakhala malita pa sekondi, K inatuluka 0.05 pa ya ku A, 0.10 pa ya ku B, ndi 0.20 pa yapakati.

Lachiwiri tinakhala padesiki ndi kakyuleta. Njira yake ndi imene Hardy Cross, mphunzitsi wa uinjiniya ku yunivesite ya Illinois ku Amereka, anafalitsa mu 1936. Anapereka njira ziwiri. Yodziwika kwambiri imayamba ndi kungoganizira madzi a m'paipi iliyonse. Ife tinatenga inayo, yoyamba ndi kungoganizira hedi ya pamphambano iliyonse n'kumaikonza mpaka madzi olowa afanane ndi otuluka. Ndimaikonda pantchito ngati iyi chifukwa msinkhu wa madzi a m'thanki tikuudziwa kale, ndipo yankho lake ndi nambala yomweyo imene geji yoyezera mphamvu ya madzi idzawerenge kumudzi.

```
Q  = √(h / K)
ΔH = 2 × ΣQ / Σ(Q/h)
```

`ΔH` ndi mamita amene timakonzera hedi ya pamphambano. Mu `ΣQ` madzi olowa timawonkhetsa, otuluka ndi amene anthu akutunga timachotsera. Pansipo, `Σ(Q/h)`, manambala onse timangowonkhetsa, paipi ikhale yolowetsa kaya yotulutsa, ndipo madzi otungidwa salowapo. Amene akugwiritsa ntchito masamu ena owerengera kutsika kwa hedi, a Hazen-Williams, amaika 1.852 m'malo mwa 2.

Tinayamba ndi A pa mamita 37, B pa 34. Pa A, paipi yochokera kuthanki yataya mamita 3, ndiye ikubweretsa malita 7.75. Yapakati nayo ili ndi kusiyana kwa mamita 3, ikutulutsa 3.87. Anthu akutunga 6. Ndiye kuti pakuperewera malita 2.12. Pansi pali 2.58 ndi 1.29, pamodzi 3.87, choncho `ΔH` ndi −1.10 ndipo A yatsikira pa 35.90. Chizindikiro chochotseracho chili ndi tanthauzo lomveka: ngati madzi akuperewera pamphambano, ndiye kuti hedi tinaiika pamwamba kwambiri. Kuitsitsa kumachititsa kuti thanki ikankhe madzi ambiri kubwera, ndipo opita ku B achepe. Munthu akaona kuti madzi akuperewera koma hedi yake ikukwera, adziwe kuti wasokoneza chizindikiro penapake.

Pa B timagwiritsa ntchito hedi yatsopano ya A, osati 37 ija. Yochokera kuthanki yataya mamita 6, ikubweretsa 7.75. Yapakati tsopano ili ndi mamita 1.90, ikubweretsa 3.08. Kuchotsapo 10, patsala 0.83. Pansi ndi 2.91, ndiye B ikwera ndi 0.57 kufika pa 34.57. Ulendo wachiwiri unapereka 36.13 ndi 34.67, wachitatu 36.18 ndi 34.70, ndipo wachinayi manambala anakhazikika: A pa 36.19, B pa 34.71. Madzi ndi malita 8.73 kupita ku A, 7.27 kupita ku B, ndi 2.73 m'paipi yapakati. Poyesa, timazungulira: 3.81 yotayika popita ku A kuphatikiza 1.48 yapakati ndi 5.29, chimodzimodzi yotayika panjira yolunjika ku B.

Lachitatu lonse linathera pa vuto limodzi la njira imeneyi, ndipo ndi loyenera kulimvetsa. Pali mapulani oika malo ena ogulitsirapo madzi chaku A, ndiye tinayesa A pa malita 10, B pa 8. Pamenepo paipi yapakati imangonyamula theka la lita pa sekondi, ndipo hedi ya A ndi ya B zimasiyana ndi masentimita 5.5 okha. Kugawa 0.52 ndi 0.055 kumapereka pafupifupi 9.5, pomwe mapaipi enawo akupereka zosafika 2. Nambala yapansi ikakula chonchi, `ΔH` imachepa ngakhale madzi asanalingane, ndipo mphambano ziwirizo zimangokokana pang'onopang'ono. Woona `ΔH` yokha amasiya msanga, kuganiza kuti wamaliza. N'chifukwa chake timasiya pokhapokha `ΣQ` pamphambano zonse itatsika pansi pa malita 0.05 pa sekondi, ndipo pamenepa timasunga manambala atatu kutsogolo kwa kadontho. Musayambenso ndi hedi yofanana pamphambano ziwiri zolumikizana, chifukwa mugawa ziro ndi ziro. Mphambano zikachuluka timapita ku EPANET, pulogalamu ya pakompyuta imene imakonza zonse nthawi imodzi.

Lachinayi 6 koloko m'mawa, thanki ili yodzaza, mapulambala anamanga geji pa A ndi pa B. Geji imawerenga bar, ndipo bar imodzi ndi pafupifupi mamita 10.2 a madzi. Timayembekeza 3.5 pa A ndi 3.4 pa B. Zinatuluka 3.7 ndi 2.9, kutanthauza mamita 38 ndi 30.

Ambiri anathamangira kunena kuti paipi yaphulika pansi. Koma kudontha n'chimodzimodzi kuwonjezera otunga: kukanatsitsa mphambano zonse ziwiri, popeza n'zolumikizana. Apa A inakwera, B n'kutsika. Izi zimachitika ngati A yasiya kugawira B. Tinachotsa paipi yapakati papepala. Ya ku A ikanyamula malita 6 okha imataya mamita 1.8, kutsala 38.2. Ya ku B ikanyamula 10 yokha imataya mamita 10, kutsala 30. Manambala a geji omwe aja.

Lachisanu anafukula chitsekerero cha valavu ya paipi yapakati, chomwe mchenga wa madzi a mvula unakwirira. Valavu inali yotseka, mwachionekere kuyambira tsiku limene anakonza paipiyo. Anaitsegula pang'onopang'ono kuti madzi asamenye paipi, n'kutsegula mpopi wakumapeto kuti mpweya ndi madzi okhalitsa atuluke mpaka ayere. Loweruka nthawi yomweyo ya m'mawa geji ya pa B inawerenga 3.3 m'malo mwa 3.4. Mita imodzi yotsalayo tikuikayikira pa madzi otungidwa, kuti mwina B tsopano ikupitirira malita 10, ndiye sabata yamawa tikamanga mita yoyezera madzi papaipi yochokera kuthanki.