Kalembera wa 2018, lipoti la 2019: mmene ndinadutsira kalata ya aphunzitsi athu

Sabata yoyamba ya chaka choyamba, pasukulu yathu ya ukachenjede kuno ku Thyolo, aphunzitsi ena anatigawira kalata ya masamba awiri. Inali yofotokoza mmene tizisonyezera komwe tatenga mfundo, potsatira kalembedwe ka APA. Kumunsi kwake kunali zilango. Mfundo yopanda gwero, malikisi awiri achoka. Gwero lotchulidwa m'kati koma losowa pamndandanda wa kumapeto, awirinso. Kukopera ndime yathunthu popanda mitengero ndiye ziro, ndipo nkhani ipita kukomiti yoona za mwambo. Ndinaipinda n'kuiika m'kope, poganiza kuti wosaba ngati ine sizikundikhudza.

Asayimenti yoyamba inali yokamba za kuchepa kwa malo olima kuno kwathu, komwe midzi yapanikizika pakati pa minda ya tiyi. Ndinalembamo kuti m'Malawi muli anthu 17,563,749. Nambalayi ndinaiona pachithunzi cha tsamba limodzi chimene mnzanga ananditumizira pafoni, chopanda chikuto, chopanda mutu. Pepala litabwera, nambala ija inali itazunguliridwa ndi inki yofiira, pambali palembedwa kuti: "Wawawerenga ndiwe?"

Ndinapita ku ofesi kwawo mtima uli m'mwamba. Ndinati, "Pepani aphunzitsi, nambalayi ndi yoona." Iwo anati sakukana, koma wowerenga alibe njira yoitsimikizira ngati sindinamulozere kumene ili. Anandipatsa masiku atatu oti ndikonze.

Ndinayamba ndi kusaka mwini nambala. Kulaibulale ndinapeza kuti inachokera m'lipoti la kalembera wa anthu ndi nyumba, lolembedwa ndi ofesi ya boma yoona za chiwerengero ya ku Zomba. Kalata ija inali itanena kuti ngati palibe dzina la munthu, bungwe lomwe latulutsa lipoti ndilo limakhala mlembi. Apa mpamene ndinatsala pang'ono kugwanso. Ndinalemba chaka cha 2018, poti ndicho chili pamutu. Koma 2018 ndi chaka chomwe anthu anawerengedwa. Lipoti lenilenilo linatuluka mu 2019, ndipo APA imafuna chaka chotulukira. Ndinachiona nditatsegula tsamba loyamba, osati chikuto chokha. M'kati mwa nkhani, chiganizo chikatha, ndinataipa motere:

```
(National Statistical Office, 2019)
```

Nambala ya tsamba inandizunguza pang'ono. Lamulo lake ndi lakuti ukatenga mawu a mwini wake ndendende, uwatsekere m'mitengero ndipo tsamba ulitchule, zivute zitani. Ukafotokoza m'mawu akoako, tsamba silikakamizidwa, koma dzina ndi chaka zikhalepo basi. Ambirife tinkakodwa pomwepa, poganiza kuti ukasintha mawu mfundoyo yasanduka yako. Siisanduka. Ine ndinaikabe tsamba panambala ija, chifukwa lipotilo ndi lalikulu ndipo sindinafune kuti aphunzitsi afufuze ngati mmene ndinafufuzira ine.

Kenako mndandanda wa kumapeto. Umayenda motsatira zilembo za mayina a alembi, osati motsatira chomwe unayamba kuwerenga. Mzere woyamba umayambira m'mphepete, yotsatira imalowa m'kati masentimita 1.27, ndipo mutu wa lipoti umalembedwa mopendeketsa. Poti wolemba ndi wosindikiza ndi bungwe limodzi, dzina silibwerezedwa kumapeto:

```
National Statistical Office. (2019). 2018 Malawi population and housing census: Main report.
```

Chimene chinanditengera nthawi, komanso chimene chinandipulumutsa, ndicho kufananitsa. Ndinasindikiza pepala lonse, ndinakhala pakhonde la hositelo ndi pensulo, ndipo dzina lililonse lomwe ndinalipeza m'kati ndinkalifufuza kumapeto n'kuchonga. Nditamaliza ndinatembenuza: lililonse la kumapeto, kodi lili m'kati? Ndinagwira zolakwa ziwiri. Buku lina linali pamndandanda koma ndime yomwe inkalitchula ndinali nditaichotsa kale, choncho nalonso ndinalichotsa. Lina linali ndi alembi anayi ndipo ndinkawatchula onse paliponse, pomwe alembi akafika atatu kapena kuposerapo, m'kati umangolemba woyamba n'kuwonjezera `et al.`, kutanthauza kuti "ndi ena", onsewo n'kukawatchula kumapeto.

Panatsala ndime imodzi yokamba za malipiro a othyola tiyi. Ndinaikonda kwambiri, koma gwero lake linandisowa ngakhale ndinasaka usiku wonse. Kumtima kunabwera maganizo oti ndingoipachika pabuku lina lililonse. Kalata ija inali itachenjeza kuti kunamizira gwero ndi mlandu wofanana ndi kukopera, ndipo aphunzitsi amatsegula mabuku ena kuti aone. Ndinaichotsa ndimeyo, ngakhale zinandiwawa.

Ndinapereka pepala Lachisanu m'mawa. Malikisi awiri aja sanabwerere, koma ena sanachokenso. Masanawo ndinagula kakope kakang'ono pamsika wa Goliati, ndipo tsamba lake loyamba lili ndi mizere inayi: wolemba, chaka, mutu, tsamba.