Masamba 14 a m'basi aja ndawachotsa

Usiku wa Lachiwiri ndinagona tulo tabwino koyamba m'miyezi inayi. Mutu wachiwiri wa nthano yaitali imene ndikulemba unkandiwawitsa mutu chiyambire mvula, ndipo tsopano ndaona pamene panali vuto.

Nkhani yake ndi ya Tadala, wa zaka 28, amene akuchokera ku Joni mu 2019 kudzaika maliro a mayi ake ku Ntcheu. Ali ndi chinsinsi. Pa njala ya 2002, mu February, chimanga chili chachiwisi, iye ali ndi zaka 11 anathyola zisononkho zinayi m'munda mwa malume ake. Mlandu unagwera mlongo wake Mavuto. Anthu anam'menya, dzanja lamanja linapuwala mpaka lero, ndipo Tadala sanatsegule pakamwa.

Zonsezi ndinaziika m'mutu wachiwiri. Basi yadutsa Tete, ikulowera kuchipata cha Mwanza, Tadala watsamira pazenera, basi n'kuyamba kukumbukira. Masamba 14. Ndinawalemba ndi mtima wonse, ndipo mpaka lero ndimaona kuti ziganizo zake n'zabwino kuposa zina zonse m'bukumo. Koma anzanga awiri amene ndinawapatsa kuti awerenge anaimira pomwepo. Mmodzi anapinda tsamba 19, anabweza patatha milungu itatu asanapitirire.

Aphunzitsi athu a kalasi ya Loweruka analemba m'mbali ndi cholembera chofiira kuti "zikuchedwetsa nkhani, chotsani". Mawu atatu okha. Izi zimandipweteka mpaka pano, chifukwa kuti zikuchedwetsa ndinali nditaona kale. Chimene ndinkafuna n'chakuti andiuze chifukwa chake, popeza popanda chimanga chija palibe buku. Tilipo 23 m'kalasimo, maola ndi awiri, ndiye mwina nthawi inawachepera. Komabe miyezi inayi yapita, ine ndikulemba usiku ndikaweruka kuntchito, kungofupikitsa masamba omwewo kuchoka pa 14 kufika pa 11, kenako 9, ndikuganiza kuti vuto ndi kutalika.

Vuto linali basi ija. M'basi mulibe chimene chingam'chitikire Tadala. Palibe amene akum'dziwa, palibe amene angamufunse kanthu, palibe chimene angataye asanatsike. Wowerenga akamaliza masamba aja amam'mvera chisoni, koma saopa kalikonse. Nditam'bwezera m'basi muja, zinthu zinali momwe ndinazisiyira. Zam'mbuyo zimagwira ntchito zikasintha chimene wowerenga akuopa pa zimene zikuchitika pakali pano. Akabwerako kuzakale, chipinda chomwe chija chizikhala choopsa kuposa mmene anachisiyira. Chikakhala chimodzimodzi, ndiye kuti mwam'yendetsa ulendo wachabe.

Ndinachiona ndikuwerenga mutu wa 9, umene ndinkauyesa wofooka pa zifukwa zina. Maliro aikidwa, abale akhala pansi kukambirana za munda wa malemu. Ena akuti Tadala asapatsidwe kanthu poti anathawira kunja. Mavuto akuimirira kum'teteza, akuti, "Mlongo wangayu sanandilakwirepo chibadwire." Kenako malume akutsamira ndodo, akudzuka, akuti, "Inenso ndili ndi mawu pa mwana ameneyu." Ndinangoti kakasi. Malo a chimanga chija ndi amenewa, pakati pa kudzuka kwa malume ndi mawu awo oyamba.

Tsopano ndi masamba awiri basi. Tadala wamng'ono ali m'munda, akuthyola, akubisa zisononkho m'chitenje, akutembenuka, ndipo malume ali chilili pachulu akumuyang'ana. Sakunena kanthu. Mawa lake anthu akugwira Mavuto, malume ali pomwepo, sakunenabe kanthu. Ndadulira pamenepo. Kumenyedwa kwenikweniko, kumene kunadya masamba asanu poyamba, ndakuchotsa, poti wowerenga waliona kale dzanja lija. Tikubwerera pabwalo, malume akukonza pakhosi. Wowerenga tsopano akudziwa chimene Mavuto sadziwa, akudziwanso kuti munthu amene waimirirayo wasunga zimenezi zaka 17. Chiganizo cha malume chimene poyamba chinali cha nkhalamba yofuna kulankhulapo, pano chikuimitsa mtima.

Kuti zimenezi zitheke, panafunika kudzala kaye mafunso kumayambiriro, mwina mizere itatu apa, iwiri apo. M'basi, pa Zalewa, mnyamata akum'tambasulira chimanga chootcha pazenera, Tadala akutembenuza nkhope ngakhale sanadye chichokere ku Tete. Sindikufotokoza. Mutu wa 3, Mavuto akum'patsira madzi ndi dzanja lamanzere, iye akulephera kumuyang'ana m'maso. Mutu wa 5, malume akuti, "Mphwanga, tikatha zovutazi tionane." Pofika mutu wa 9 wowerenga wafunsa kale katatu kuti mtsikanayu anatani. Poyamba paja ndinkamuyankha funso limene anali asanafunse.

Kanthu kena ndi ka chilankhulo chathu. Nkhani yonse ili kale mu "ana-", ndiye pobwerera m'mbuyo ndinkangoti "anali atathyola, anali atabisa, anali atatembenuka", tsamba lonse kulemera ngati thumba la mchenga. Pano "anali ata-" ali m'chiganizo choyamba chokha, pamodzi ndi chaka cha njala, kenako ndi "ana-" wamba. Potuluka ndikugwiritsa chinthu chimene wowerenga anachisiya pabwalo: ndodo ya malume ikugunda pansi. Sipafunikanso kulemba kuti "anadzidzimuka m'maganizo ake".

Njira imene ndayamba kugwiritsa ndi ya timapepala. Chakale chilichonse pakapepala kake, ndipo kuseri ndimalemba zinthu ziwiri: wowerenga akuopa chiyani tisanapite kumbuyo, ndipo akuopa chiyani tikabwerako. Mayankho akafanana, kapepalako sikanapeze malo ake. Ndinali ndi timapepala 11. Titatu tapeza malo, tisanu tasanduka chiganizo chimodzi chimodzi m'kamwa mwa apangankhani, titatu ndataya. Ndikukhulupirira kuti buku lililonse lokhala ndi zam'mbuyo likhoza kukonzeka motere madzulo amodzi, ndipo ndikanakhala ine mphunzitsi, bwenzi ili phunziro la tsiku loyamba. Ndauza kale anzanga onse a m'kalasi kuti ang'ambe kope.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Buku lonse tili m'mutu mwa Tadala, tikumva zimene akuganiza. Munthu wopita kwawo atasenza chinthu chotere angakhale mitu isanu ndi itatu osachiganizira n'kamodzi komwe? M'basi muja ndi mmene munthu weniweni akanakumbukira zonse. Mnzanga amene wawerenga kalembedwe katsopanoka anati pa mutu wa 9 anaiwala tiyi pamoto, koma anawonjezanso kuti anamva ngati ndinkam'bisira dala. Ndayesa kuti Tadala azidzigwira yekha, ganizo likamabwera iye n'kuyamba kuwerenga ndalama za chipepeso kapena kutsuka mbale, kuti kubisako kukhale kwake, osati kwanga. Pena zikuoneka zoona, pena ndikuona dzanja langa likutseka pakamwa pake. Mwina kuba kwenikweniko ndikuulule m'mutu wa 4, ndisunge za malume pachulu zokha kufikira mutu wa 9. Koma ndikatero masamba awiri aja atsala ndi theka la mphamvu yake, kapena mwina ayi. Kapepala kameneka ndakasiya pakati pa tebulo, kuseri kwake sindinalembe.